Munthu wangolemba kuti "Zikomo" basi, ndimuyankhe bwanji?

Mayi wa Zitenje: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. M'mawa uno cha m'ma 6:40 pa WhatsApp ya bizinesi palowa uthenga wochokera ku nambala yomwe sindinaisunge. Mawu ake ndi amodzi okha, "Zikomo". Pamwamba pake palibe moni, palibe funso, palibe ngakhale uthenga wanga. Dzulo ndinakweza mapaselo atatu pa basi, wa ku Mzuzu, wa ku Karonga ndi wa ku Kasungu, ndipo pali kasitomala wina amene sanamalize K45,000. Sindikudziwa ngati uyu ndi mmodzi mwa iwo kapena ayi. Ndiyankhe kuti chiyani kuti ndisaoneke wamwano komanso ndisapusitsidwe?

Wakabaza: Mayi, bulokani basi. Amenewo ndi akuba a pafoni, amayamba choncho kuti aone ngati nambala ili ndi mwini wake. Ndiponso ngati pamwamba palibe kanthu ndiye kuti anafufuta zomwe analemba poyamba.

Wamafoni: Achimwene a kabaza, zakubazo zilipo ndithu, tifikako. Koma zofufutazo sizili choncho. Munthu akafufuta uthenga wake kuti uchoke mbali zonse, pa foni yanu pamatsala kachizindikiro kolembedwa This message was deleted. Sipakhala mbee. Ndipo iye sangafufute mauthenga amene inu munalemba, angafufute ake okha. Tsono ngati pamwamba pa "Zikomo" pali kabokosi kachikasu kaja konena kuti mauthenga ndi otetezedwa, kenako n'kubwera "Zikomo" yekhayo, ndiye kuti pa foni yanu kucheza ndi nambala imeneyi kwayamba lero.

Mawu akuti "pa foni yanu" ndawanena dala. Pa foni ya mnzanuyo mwina pali mbiri yonse ya zokambirana zanu, ndipo iye akuona ngati akungopitiriza nkhani. Zimachitika kwambiri munthu akasintha nambala pogwiritsa ntchito Change number ali pa foni yomweyo. Kwa iye mauthenga akale onse amatsala pomwe anali, ndiye amatsegula pa dzina lanu, pansi pa uthenga wanu wa dzulo wonena kuti katundu wakwera basi, n'kulemba "Zikomo". Kwa inu uthengawo umafika ngati wa mlendo chifukwa nambala ndi yatsopano, pomwe zokambirana zakale zili pa nambala yakale ija. Kuti mudziwe, tsegulani macheza a makasitomala atatu a dzulowo mmodzimmodzi, muone kumunsi kwenikweni ngati pali kauthenga konena kuti munthuyo wasintha nambala. Koma kauthengako kamabwera ngati iye anasankha kuti anthu adziwitsidwe, ndiye kusakhalapo kwake sikutsimikiza kanthu. M'magulu mokha ndi momwe chidziwitsocho chimaoneka nthawi zonse.

Aphunzitsi Opuma: Ndisanalowerere za mafoni, zomwe si zanga, ndikumbutse kanthu kamodzi. Nonse mwathamangira kuganiza kuti munthuyu akuthokoza. Kodi "zikomo" ndi kuthokoza kokha? Munthu akafuna kudutsa pakati pa akulu amawerama n'kunena zikomo. Akafika pakhomo pa eni, ena amati odi, ena amati zikomo kuno. Pamsonkhano wofuna kulankhula amayamba ndi zikomo a tcheya. Ngakhale woitanidwa ndi mkulu amatha kuvomera kuti zikomo. Onsewa palibe chomwe alandira.

Ndiye kwa anthu ambiri, makamaka achikulire ndi akumudzi, kulemba "Zikomo" payekha ndi kugogoda. Akudikira kuti mwininyumba avomere kuti ayambe nkhani. Mukamuyankha kuti "Palibe kanthu" mwamutsekera chitseko, chifukwa mwayankha kuthokoza komwe iye sanachite, ndipo amasowa polowera. Mukangokhala chete, ndiye ngati waodira pakhomo eni ake ali m'nyumba koma osavomera.

Mayi wa Zitenje: Aphunzitsi, zimenezo sindinaziganize n'komwe. Ndiye ndingobweza kuti "Zikomo" nanenso?

Aphunzitsi Opuma: Pamaso ndi pamaso zikanakwana, mwanangu, chifukwa nkhope ndi mawu zimauza mnzako kuti pitirizani. Polemba sizikwana. Iye zikomo, inu zikomo, nkhani yathera pomwepo, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye atsegule. Pambuyo pa zikomo wanuyo pakhale mawu oitanira munthu m'nyumba.

Mlembi wa pa Ofesi: Ndikugwirizana ndi aphunzitsi. Yankho labwino apa liyenera kugwira mbali zonse ziwiri, kaya munthuyo amathokoza kaya amagogoda, osasankha imodzi. Ine ndingalembe chonchi:

"Zikomo kwambiri, mwadzuka bwanji? Pepani, nambala iyi sindinaisunge. Ndikulankhula ndi ndani, ndipo ndikuthandizeni chiyani?"

Taonani mmene ayalidwira. Zikomo woyambayo amakwana ponseponse: wothokoza amamva kuti mwalandira, wogogoda amamva kuti mwavomera. Moniyo ndi ulemu wamba. Kenako vuto mwaliika pa inu nokha, kuti simunasunge nambala, osati pa iye kuti walemba zosamveka. Kusiyana kwa "Ndinu ndani?" ndi "Ndikulankhula ndi ndani?" n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera. Loyambalo limamveka ngati la mlonda wa pageti usiku. Kasitomala amene wakugulani kanayi akafunsidwa choncho amakhumudwa, ngakhale kuti wasintha nambala ndi iye.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kumuyankhira funso. Musalembe kuti "Kodi ndinu mayi a ku Karonga aja? Katundu wafika?" Mukatero mwamupatsa dzina, malo ndi nkhani. Ngati ndi wolakwitsa nambala, mwaulula za kasitomala wanu kwa munthu wapadera. Ngati ndi wakuba, mwamuphikira nsima n'kumusambitsa m'manja.

Ejenti wa pa Msika: Apo asisi a ku ofesi mwalasa. Ndifotokoze mmene akubawo amayendetsera, kuti achimwene a kabaza aone pomwe akulondola ndi pomwe akupyola.

Wakuba amene walemba "Zikomo" sadziwa kanthu za inu kupatula nambala, yomwe mwina waitenga pa chikwangwani, pa gulu lamalonda kapena pa paselo yomwe inali pa depoti. Akudikira kuti inu mumuuze nkhani. Mukafunsa kuti katundu wafika, iye amati ayi, kondakitala akukaniza, akuti muwonjezere K5,000 pa nambala yakutiyakuti. Mukafunsa kuti kodi ndinu a ngongole ija, amati eya ndatumiza kale, koma ndalakwitsa ndatumiza K54,000 m'malo mwa K45,000, mundibwezere K9,000 yapamwambayo. Nthawi yomweyo pa foni yanu pamalowa meseji yooneka ngati ya ndalama, manambala onse ali m'malo mwake. Inu n'kubweza K9,000 yanuyanu pa ndalama yomwe sinabwere.

Pozindikira pake ndi apa. Meseji yeniyeni ya ndalama imabwera ndi dzina la kampani pamwamba, ndipo imalowa mu mzere womwewo momwe muli mameseji ena onse a ndalama akale. Yabodza nthawi zambiri imachokera ku nambala wamba ndipo imakhala payokha. Koma musadalire maso okha. Imbani *211# ngati muli pa Airtel Money, kapena *444# ngati muli pa Mpamba, muone ndalama zomwe zilimo. Ngati sizinakwere, palibe chabwera, kaya meseji ikongole bwanji. Chithunzi cha risiti chotumizidwa pa WhatsApp ndiye musachiwerengere n'komwe.

Pomwe achimwene akupyola ndi poti kuyankha kokhako sikuchotsa ndalama. Palibe amene angakubereni chifukwa mwalemba kuti "ndikulankhula ndi ndani". Ndalama imachoka mukaika PIN nokha kapena mukauza munthu PIN yo.

Wakabaza: Nanga aja amalanda WhatsApp ya munthu aja? Si amayamba ndi moni womwewu?

Wamafoni: Amayamba ndi moni, eya, koma moniyo sindiye amalanda. Kuti munthu atsegule WhatsApp yanu pa foni yake, pamafunika manambala 6 amene amatumizidwa pa meseji ku simu yanu. Ndiye amacheza nanu kaye pang'ono, kenako amati pepani ndatumiza kodi yanga kwa inu molakwitsa, munditumizire. Mukamupatsa manambalawo, WhatsApp yanu imatseka pa foni yanu n'kutseguka pa yake, ndipo amayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Mankhwala ake ndi awiri: kodi imeneyo sipatsidwa kwa munthu aliyense, ndipo tsegulani Two-step verification pa Settings, kenako Account, muike PIN yanuyanu ya manambala 6. Linki yochokera kwa munthu amene sanadzitchule dzina musaitsegule. Kupatula izi, kuyankha mawu wamba kulibe choopsa. Wamalonda akamabuloka aliyense wosamudziwa, agulitsa kwa ndani?

Wa ku Joni: Moni a kumudzi. Ine ndikuona kuti vuto la mayiwa ndi losavuta. Pa WhatsApp Business pali Greeting message, mumalemba kamodzi kuti zikomo potipeza, tikuyankhani posachedwa, ndiye aliyense akalemba foni imamuthokoza yokha. Simuvutikanso kulemba zikomo tsiku lonse. Palinso Quick replies, mumangodina / n'kusankha.

Mayi wa Zitenje: Achimwene a ku Joni, sindikufuna njira yothokozera anthu ayi. Wandithokoza ndi iyeyo, ine sindikudziwa chifukwa chake.

Wa ku Joni: Aaa, pepani, ndinawerenga mothamanga ndili pa ntchito.

Wamafoni: Komabe mwakhudza chinthu chothandiza, kungoti mawu ake asinthe. Greeting message imapita kwa munthu amene walemba koyamba, kapena amene papita masiku 14 musanalemberane. Ndiye nkhani ngati ya lero imagwera momwemo. Koma mukaikamo "zikomo potipeza" basi, ndiye zikomo uja wobwezerana amene aphunzitsi anena, makina ndi munthu kuthokozana popanda chotuluka. Ikanimo pempho: "Takulandirani. Chonde tiuzeni dzina lanu ndi chomwe mukufuna kuti tikuthandizeni msanga." Kuipa kwake n'koti imapitanso kwa kasitomala wakale amene wangokhala milungu itatu osalemba, ndipo ena zimawanyansa kufunsidwa dzina ndi munthu amene amawadziwa. Pali posankha kuti izipita kwa okhawo amene sali m'buku la manambala anu, pa Recipients. Sankhani pamenepo.

Tsono mayi, musanatumize yankho la asisi a ku ofesi, pali zoti muone zomwe sizitenga mphindi zisanu. Dinani pa nambalayo pamwamba. Onani chiyambi chake: +265 ndi kwathu kuno, +260 ndi Zambia, +258 ndi Mozambique, +27 ndi ku Joni. Onani dzina lomwe munthuyo anadzilembera, limakhala ndi kachizindikiro ka ~ kutsogolo. Tsikirani pansi muone ngati pali magulu amene muli limodzi. Mukapeza kuti nonse muli pa gulu la mpingo kapena la banki m'khonde, pitani pa gululo muone zomwe munalembapo dzulo. Anthu ambiri amaona chinthu pagulu kapena pa sitetasi, n'kutsegula nambala yanu pambali kudzathokoza. Akayankha podina pa sitetasi penipenipo kapena pa Reply privately, uthenga wake umabwera ndi kabokosi kosonyeza chomwe akuyankha. Akangotsegula nambala yanu payekha, kabokosiko sikakhalapo, ndiye mumalandira "Zikomo" wamaliseche ngati ameneyu.

Kenako tengani manambala 6 omalizira a nambalayo, muwafufuze malo atatu: posakira pa WhatsApp, pa mndandanda wa mafoni amene munaimba ndi kulandira, ndi m'mameseji wamba, kuphatikizapo a ndalama. Ndikuti 6 omalizira chifukwa WhatsApp imalemba nambala kuyambira +265 pomwe kope lanu ndi mameseji ena zimayambira pa 0, ndiye mukalemba yonse mutha kuiphonya ili pomwepo. Kawirikawiri mupeza kuti munthuyo anakuimbirani dzulo, munalankhula pakamwa, ndipo lero wangotsiriza nkhaniyo polemba.

Mayi wa Zitenje: Ndaona. Ndi ya +265 88. Dzina palibe, pali kaduwa basi. Chithunzi palibe. Magulu ofanana palibe. Manambala omalizirawo sakupezeka pa mafoni kapena pa mameseji. M'macheza a anthu atatu aja mulibenso zoti wina wasintha nambala. Koma ndaona chinthu china, pa kabwalo ka chithunzi pali kawotchi kakang'ono.

Wamafoni: Kawotchiko ndi ka Disappearing messages, mauthenga ozimiririka okha. Amatha kuikidwa kuti azichoka pakapita maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo pa macheza a anthu awiri aliyense mwa awiriwo atha kutsegula. Pali njira ziwiri zomwe kangapezekere apo. Mwina munalemberanapo kale ndi munthuyu, nthawi inakwana, zonse zinachoka mbali zonse ziwiri. Kapena iye anaika Default message timer pa foni yake, yomwe imachititsa kuti macheza alionse atsopano amene wayamba akhale ndi kawotchi kuyambira uthenga woyamba. Kuti musiyanitse, onani tsiku lomwe lili pamwamba pa kachidziwitso konena za nthawiyo. Likakhala la lero, macheza ndi atsopano. Likakhala la mwezi watha, munalankhulanapo.

Ndipo poti ndi zamalonda, kawotchiko kakuchenjezeni pa chinthu china. Chilichonse chomwe mugwirizane apo, mtengo, tsiku lolipira, chidzafufutika chokha. Dinani pa nambala, pitani pa Disappearing messages, sankhani Off. Iye adzaona kuti mwatseka ndipo atha kutsegulanso, ndiye zofunika muzijambula sikirini kapena kulemba m'kope.

Mayi wa Zitenje: Tsiku lake ndi la lero. Nthawi yake ndi masiku 7.

Wakabaza: Mwaona? Munthu wabwinobwino angabise mauthenga chifukwa chiyani? Chithunzi palibe, dzina palibe.

Mlembi wa pa Ofesi: Chithunzi chisakupusitseni, achimwene. Anthu ambiri anaika kuti chithunzi chawo chizioneka kwa okhawo amene iwo anawasunga. Ndiye kusaoneka kwa chithunzi kukungotiuza kuti mwina iyeyo sanasunge nambala ya mayiwa, kapena sanaike chithunzi n'komwe. Za kawotchizo ena amaika pofuna kuti foni isadzaze. Sindikuti ndi munthu wabwino, ndikuti izi sizikwana kumuweruza.

Ejenti wa pa Msika: Pali kanjira kena komwe anthu amagwiritsa ntchito pofuna dzina. Mumayamba ngati mukutumiza ndalama ku nambalayo, ndipo musanaike PIN pamaoneka dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa, inu n'kusiyira pomwepo. Chiyambire kalembera wa masimu wa 2018 nambala iliyonse ili ndi dzina kumbuyo kwake. Koma ine sindikakonda kwenikweni. Choyamba, chala chikazolowera chimaika PIN chokha, ndalama n'kupita. Mukafuna kuyesa ikani ndalama yochepetsetsa. Chachiwiri, dzina lotulukalo ndi la amene analembetsa simu, osati la amene wagwira foni. Masimu ambiri analembetsedwa ndi chiphaso cha mayi, cha mwamuna kapena cha mlongo. Dzina likafanana ndi la kasitomala wanu, lakuthandizani. Likasiyana, simunaphunzirepo kanthu.

Aphunzitsi Opuma: Zofufuza zakwana tsopano, ana inu. Munthu waima pakhomo kuyambira 6:40, ino ndi 9 koloko, ife tikusuzumira pa zenera kuyeza nsapato zake. Safunsa anadya phula. Mufunseni mwini wakeyo.

Pa mawu a mayi a ku ofesi ndisinthepo pamodzi. Mwaika mafunso awiri mu mpweya umodzi, dzina ndi chofuna. Munthu wolemba liwu limodzi ndi munthu wosakonda kulemba, kaya chifukwa cha maso, kaya zala, kaya bandulo. Mukamufunsa ziwiri adzayankha chimodzi, ndipo adzasankha chosavutacho. Funsani dzina lokha. Nkhani idzabwera yokha dzina likadziwika.

Mlembi wa pa Ofesi: Apo ndiye tisiyana pang'ono, aphunzitsi. Pa malonda uthenga uliwonse wowonjezera ndi mpata woti munthu atayike, netiweki ithawe kapena bandulo ithe. Ndipo dzina lokha silithandiza nthawi zonse. Akayankha kuti "Ndine mayi Phiri", mayiwa ali ndi amayi Phiri angati m'kope mwawo? Pomwe akanena kuti ndi za zitenje za dzulo, ngakhale asatchule dzina, mwayandikira.

Aphunzitsi Opuma: Mwina pa ofesi zili choncho. Koma "ndikuthandizeni chiyani" kwa munthu amene amangothokoza zimamveka ngati mukumuthamangitsa, ngati mukuti nanga ukufunanso chiyani. Tisakangane, mwini nkhani asankhe.

Mayi wa Zitenje: Ndatenga pakati. Ndalemba kuti: "Zikomo kwambiri, mwadzuka bwanji? Pepani nambalayi sindinaisunge, ndikulankhula ndi ndani?" Zachongedwa kawiri koma sizinasanduke buluu.

Wamafoni: Kuchonga kuwiri ndiye kuti wafika pa foni yake. Kusasanduka buluu sikutanthauza kuti sanawerenge, ena anatseka Read receipts. Kukanakhala kuchonga kumodzi bwenzi tikuti foni yazima kapena data yatha, ndipo uthenga wotero umadikira mpaka masiku 30 usanatayike. Izi zikukhudzanso "Zikomo" wakeyo mwanjira ina: munthu wa kumudzi atha kulemba madzulo netiweki palibe, uthenga n'kudzanyamuka m'mawa akakwera pachulu. Choncho poganiza kuti akuthokoza chiyani, musaone za dzulo zokha, bwererani masiku awiri atatu.

Ndifunsenso, foniyi mumagwira nokha? Ngati mwana kapena wantchito amayankha makasitomala pa kompyuta kapena pa foni ina kudzera pa Linked devices, akafufuta macheza kumeneko amachokanso kwa inu. Ndiponso ngati mwasintha foni posachedwa kapena munachotsa WhatsApp n'kuikanso popanda kubwezeretsa bakapu, macheza onse akale anapita, ndipo aliyense wopitiriza nkhani yakale azioneka ngati akuyamba kumene.

Mayi wa Zitenje: Foni ndi yomweyi chaka chonse, ndimagwira ndekha. Dikirani, wayankha. Akuti: "Ndine uja wa dzulo."

Wakabaza: Hahaha! Ndinanena ine. Uja wa dzulo ndiye dzina limenelo?

Ejenti wa pa Msika: Apa ndiye posamala, mayi, chifukwa yankho limeneli amapereka anthu a mitundu iwiri. Wachilungamo amene akuganiza kuti dzulo munagulitsa kwa iye yekha, ndi wakuba amene akufuna kuti dzina mutchule ndinu. Onse awiri mankhwala ake ndi amodzi: musatchule kanthu. Musati "wa ku Mzuzu kapena wa ku Karonga?" chifukwa pamenepo mwamupatsa zosankha, angotola chimodzi. Mufunseni chinthu chomwe kasitomala weniweni amachidziwa osaganiza, koma wapadera sangachilote.

Mlembi wa pa Ofesi: Lembani chonchi: "Chabwino. Dzulo ndinathandiza anthu angapo, ndiye kuti ndisasokoneze, mundikumbutse dzina lanu ndi katundu amene munatenga." Mawu akuti kuti ndisasokoneze ndi ofunika, akusonyeza kuti mukufunsa pofuna kumutumikira bwino, osati pomukayikira. Aphunzitsi, mwaona kuti tabwerera ku mafunso awiri aja?

Aphunzitsi Opuma: Tabwererako, koma pano munthu walowa kale m'nyumba ndipo wakhala pansi. Funso lomwe linali lamwano pakhomo silikhalanso lamwano pamphasa. Komanso onani mmene wadzitchulira, "uja" osati "aja". Ameneyu ndi wamng'ono kwa mayiwa, kapena akudzichepetsa. Mayi, inu pitirizani kumulemekeza ndi "inu" mpaka mudziwe.

Mayi wa Zitenje: Wayankha ndi mawu ojambula. Ndi mtsikana. Akuti ndi mwana wa mayi amene ndinawatumizira zitenje zinayi ku Karonga, foni ya mayi ake yagwera m'madzi, ndiye akulemba pa yake. Akuti katundu alandira m'mawa uno, koma chitenje chimodzi si mtundu umene anasankha, anafuna chobiriwira koma mwapezeka chofiirira. Zitenje zinayi n'zoona, ndipo Karonga sindinamuuze ine.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye zikomo uja anali wa mbali zonse ziwiri. Kuthokoza kuti katundu wafika, komanso kugogoda kuti pali kadandaulo. Mwana woleredwa bwino sayamba ndi dandaulo kwa munthu wamkulu, amadikira afunsidwe. Mukanayankha kuti "palibe kanthu" mwina sakanalembanso, mayi ake n'kungosiya kukugulani inu osadziwa chifukwa.

Ejenti wa pa Msika: Zikumveka zoona, koma ine sindinakhutire kwathunthu. Kuchuluka kwa zitenje ndi kumene zikupita, kodi sizinalembedwe pa paselo? Aliyense amene anaigwira pa depoti kapena m'basi atha kudziwa Karonga ndi nambala yanu. Chomwe wapadera sangadziwe ndi zamkati ndi mtengo. Muuzeni ajambule zitenje zonse zinayi zili pamodzi, inu mufananize ndi zomwe munalemba m'kope. Ndipo imbani nambala ya mayi ake yomwe muli nayo kale. Ngati foni inagweradi m'madzi siilowa, koma ikalowa n'kuyankha iwo, mumva kuchokera kwa eni ake. Chachikulu, ngati nkhani ifike pobweza ndalama, ibwerere ku nambala yomwe inalipira, osati ku yatsopanoyi. Simu siifa ndi madzi kawirikawiri, aiike mu foni ya mwanayo alandirire momwemo.

Wakabaza: Apo ndagonja pang'ono. Koma akangotchula za thiransipoti yobwezera chitenjecho, mudziwe kuti ndi omwe aja.

Mlembi wa pa Ofesi: Osati nthawi zonse, achimwene. Ngati wolakwitsa mtundu ndi wogulitsa, kasitomala ali ndi chifukwa chofunsira kuti ndalama yobwezera katundu alipira ndani. Kungoti ilipiridwe kwa amene anyamule katunduyo, kapena ichotsedwe pa oda yotsatira.

Mayi wa Zitenje: Chithunzi watumiza, zitenje ndi zanga ndithu, ndipo m'kope ndinalembadi chobiriwira. Ndiye kuti chobiriwiracho chapita ku Kasungu kapena ku Mzuzu, ndiyambe kuimbira amenewo. Nambala ya mayi ake ndayesa kawiri, sikupezeka. Mtsikanayu sanatchule za ndalama, akungofunsa ngati ndingasinthe. Ndamuuza kuti madzulo aike simu ya mayi ake mu foni yake ndilankhule nawo.

Wamafoni: Muuzeni aike simuyo kuti muimbirane pa foni wamba basi, asayese kutsegula WhatsApp ya mayi ake pa pulogalamu yomwe muli yake popanda womuthandiza, angadzitulutse yekha n'kutaya macheza ake ngati alibe bakapu. Ndipo nambala yakeyo isungeni pano, mulembe dzina la mayi ake ndi mawu oti mwana kutsogolo kwake. Kawotchi kaja mwatseka?

Mayi wa Zitenje: Ndinaiwala. Ndatseka tsopano. Wa ku Kasungu sakuyankha foni, ndiyesanso ikakwana 12.